Phazi la Elisha Linkadziwa Yankho

Elisha anakulira m'sitima za pa Shire akuthira mafuta m'mainjini, ndipo makina akadwala ankawamva ndi khutu. Sitima zitachepa, mu 1927 analowa ntchito pa lole yonyamula thonje ku Chikwawa. Mzungu woyendetsa loleyo akatopa ankamusiyira chiwongolero, koma kuti akhale dalaivala pankafunika laisensi, ndipo mafunso ake anali a m'Chingerezi.

Anapita ndi kabuku ka galimoto kwa aphunzitsi a Saimoni a kumishoni. Iwo Chingerezi ankachiwerenga bwino, koma galimoto anali asanaikwerepo.

"Aphunzitsi, kabyuleta akunena apayu n'chiyani?"

"Kaya, bambo, nanenso sindinamuonepo. Ingolowezani."

Elisha analoweza kabuku konse ngati katekisimu, mpaka mkazi wake Jesinta ankakaimba posinja mapira.

Ku boma, wofunsa sanatsate ndondomeko ya kabukuko. Anangomufunsa mmene angasinthire giya pachitunda. Phazi la Elisha lakumanzere linaponda pansi kawiri, monga linkachitira pa kilatchi, dzanja n'kusuntha giya yosaoneka. Koma mawu a Chingerezi ofotokozera zimenezi m'kabuku kaja munalibe. Analephera chaka chimenecho, ndi chotsatira chomwe.

Lole anaipatsa Tomasi, kalaliki wa Chingerezi chosalala. Elisha anatsala wopukusa injini ndi handulo. Pokwera phiri lopita ku Blantyre ankayenda pambuyo, atanyamula chipika chotsekera matayala. Giya zikakukuta mano m'manja mwa Tomasi, Elisha ankatsinzina, phazi lake n'kuponda kawiri m'fumbi.