Tsiku limene ana anafufuta 26

Chaka chomaliza cha maphunziro anga a upulofesoli, ndiye kuti uphunzitsi, ananditumiza ku sikola ina kufupi ndi ku Ulongwe kuti ndikaphunzitse masamu woyesa akundiona. Nota yake, malikisi amene woyesayo amapereka, imakhala pa 20. Ukapeza yochepera 10, ubwereze chaka, basi.

Woyesayo anali bambo wamimba yake, wa jekete lonunkha fodya. Anakhala pa benchi yakumbuyo, ndipo ndisanamalize n'komwe kulemba tsiku pa kwadulu, bolodi lathulo, anali atayamba kuwodzera. Ndinati zikomo Ambuye, agone.

Ndinalemba 2, 5, 10, 17, n'kufunsa ana nambala yotsatira. Ndiye tinayamba kuchotsera: kuchoka pa 2 kufika pa 5 pali 3, kenako 5, kenako 7.

"Sizikufanana, apulofesoli," anadandaula ena.

"Nanga ndani anakulonjezani kuti zifanana? Chotseraninso zimene mwapezazo."

Anapeza 2 ndi 2. Maso anayera. Mpata ukukula ndi 2 nthawi zonse, ndiye wotsatira ndi 9, ndipo 17 kuwonjeza 9 ndi 26. Ndinazungulira mabenchi, m'makaderno monse, makope awo aja, muli 26. Mtima wanga unali mbee.

Apo m'pamene mkulu uja anadzidzimuka. Pofuna kuonetsa kuti sanagone, anasuzumira pa kwadulu, anaona 7 womalizayo, n'kunena mokweza kuti, "Zosavuta izi. Ndi 24."

Mayi anandilera bwino, wamkulu satsutsidwa pagulu. Ndinatsala pang'ono kunena kuti inde bambo. Koma ndinamva kaphokoso, tsekeseke, tsekeseke, kalasi yonse. Ana anali kufufuta. Ena ndi labala, ena ndi chala chonyowetsa malovu, mpaka pepala kubooka. Chinthu choti apeza okha ndi mitu yawo! Ndinapsa mtima, sindinama.

"Siyani kufufutako!" Ndinatembenukira kwa woyesa uja. "Pepani bambo, 24 ikanakhoza mpata ukanaima pa 7. Koma suima."

"Mukundiphunzitsa ine, mayi?"

Ndinangotola choko. Ndinauza ana kuti achotse 1 pa nambala iliyonse. Panatsala 1, 4, 9, 16. Iwo okha anakuwa kuti ndi 1 kuchulukitsa ndi 1, 2 ndi 2, 3 ndi 3, 4 ndi 4. Lamulo linali lomwelo: tenga malo a nambalayo, achulukitse ndi iwo okha, uwonjeze 1. Pamalo achisanu, 5 kuchulukitsa ndi 5 kuwonjeza 1.

"26!" Denga la malata linachita kulira.

Mkuluyo anatuluka belu lisanalire, osatsanzika. Sabata yonse ndinkangodikira zotsatira.

Pepala la nota yanga litabwera linali ndi 9. Pansi pake analemba kuti phunziro ndimalidziwa koma khalidwe likufunika kukhwima. Ndinalirira m'chapa, kaminibasi, njira yonse yopita kwathu. Mayi atamva anangoti za khalidwezo sanafunikire munthu wa jekete kuti awauze. Ndinabwereza chaka chathunthu.