Mikwingwirima Imene Sinatuluke Papepala

Linali Lachitatu, mwezi wa Juni. Ndinadzuka ndi chiyembekezo chakuti achemwali sabwereranso kwa alamu. Alamuwo foni anawaswera, koma kamemore kosungira zithunzi kanapulumuka, muli chithunzi cha msana wawo atakwapulidwa ndi lamba. Zilonda zinali zitapola, ndiye umboni unali womwewo.

Ku situdiyo ya ku Balaka, mikwingwirima inkaoneka bwinobwino pakompyuta. Papepala msana unatuluka wakuda bii. Wojambula anati sikirini yake ndi yowala mopitirira, choncho chithunzi chamdima chimaoneka ngati chili bwino, pomwe pepala lilibe nyale. Anati afunika kuchepetsa kuwalako mpaka kufanane ndi pepala loyesera, kenako akonze chithunzicho.

"Koma lero iyayi, taonani mzerewu."

Ankhoswe ankakumana masana omwewo ku Kalembo, ndiye pepala lakudalo ndinalitenga choncho.

"Ine ndikuona mdima wokhawokha," anatero amalume nditawaonetsa pepalalo pamaso pa ankhoswe.

Alamu anaseka. "Mlamu, mwatijambulira thumba la makala?"

Achemwali anauzidwa kuti amange katundu, ndipo anatsatira amuna awo osanditembenukira.

Ndinalemba m'kope langa kuti mawa kusukulu sindipita. Ndikaima pambali pa kompyutayo mpaka mkwingwirima uliwonse uoneke papepala.