Kadontho Kachikasu

Mdzukulu wanga wamkazi anapeza ntchito yoyankha makasitomala a kampani ya masola, akugwirira pakompyuta m'nyumba mwathu muno ku Chiwaridzo. Ine zilembo sindizidziwa, koma mitundu ndimaiona. Kadontho ka pakona pa kompyutayo kakakhala kobiriwira, makina ankamuponyera anthu mmodzimmodzi, ngiii, ngiii, osapumira.

Sabata yoyamba anadzuka kukadya kadonthoko kali kobiriwira. Anthu anaunjikana pa dzina lake osayankhidwa, bwana wake n'kumuchenjeza kuti zikachitikanso ntchito yatha. Kuyambira pamenepo mwana anamera mizu pampando, pomwe anali ndi pakati, mapazi atatupa ngati mabanzi.

"Iwe, palibe podina kuti watuluka?" ndinamufunsa.

"Palipo, Agogo, koma aziti ndine waulesi."

"Waulesi? Agogo ako aamuna akatuluka pansi ku mgodi wa Shamva ankachotsa kachitsulo kawo pabolodi kuti onse adziwe kuti atuluka. Unamva ndani akuwatcha aulesi? Afunse abwana akowo."

Anafunsadi. Bwanayo anati nthawi yopuma ndi yake, bola azidina asanadzuke. Mdzukulu wangayo anamaliza kaye kuyankha munthu amene anali naye, n'kudina. Kadontho kanasanduka kachikasu, kulira kuja kunaleka, anthu atsopano n'kumapita kwa anzake. Tinakhala pakhonde, mapazi ake ali m'beseni, tikumwa tiyi ndi mbatata.

Ntchito ija akadali nayo mpaka lero. Akangosuntha mpando ndimakuwa ndili kukhitchini kuti, "Chikasu kaye!" Iye amaseka, amvekere, "Ndadina kale, a foromani."