Chipinda Chachitatu pa Pulani

Alongo anga a ku Joni ndiwo ankamangitsa nyumba ya amayi ku Kanyama, ine ndinali wongotumidwa. Ntchito itawathera, anandiimbira foni. "Pita kwa wojambula mapulani uja achepetse nyumba. Ndalama yatsala theka."

Ndinafika ku ofesi kwake nditaloweza zonena. Ndinamuuza kuti achotse matailosi, siling'i ndi khonde, ndipo maziko awatsitse chifukwa ankadya simenti yambiri.

"Vinangu ivo nizachosa, koma maziko sinigwilako," anatero. "Mufuna bamai banu bazigona m'manzi mvula ikabwela?"

Sindinatsutse. Madzi a ku Kanyama ndimawadziwa, anatiwoletsera mphasa kangapo.

Anati zimene ndatchulazo sizikwanira. Pafunika kuchotsa chipinda chimodzi kuti makoma ndi denga zichepe, kenako pulani ibwerere ku khansolo akaivomerezenso. Anatembenuzira kompyuta kwa ine kuti ndisankhe.

Zipinda zinali zitatu. China cha amayi, china cha eni ndalama akabwera kutchuthi. Chachitatu anandilonjeza ine nditachoka ku ukwati.

Ndinaloza ndi chala chipinda changa chomwe, iye n'kufufuta.