Mtanda wofiira pa jekete langa

Kuno ku Kanyama, mu Lusaka, maliro akagwa, wolengeza ndimakhala ine. Pakhosi panga sipafuna chimkuzamawu. Ndiye anamwino a pa kiliniki yathu atatiuza ife a komiti ya zaumoyo kuti kukubwera anthu odzajambula vidiyo ya kusamba m'manja, yokaonetsa m'makiliniki a kumidzi, ndinadziwiratu mwini mawu ake. Ndinaimbira foni mlongo wanga ku Katete. "Uzipitapita ku kiliniki, udzandimva. Uuzenso ena."

Wamkulu wa ojambulawo anali mayi wa magalasi. Anandipatsa pepala logawidwa pakati: kumanzere zithunzi zimene zidzaoneke, kumanja mawu owerenga. Sukulu ndinaisiya isanandizolowere, komabe mzere woyamba ndinaugwira. "Nyowetsani manja ndi madzi oyenda. Pakani sopo." Ndinaona kuti ndiwozi zilibe mchere, ndinathiramo wanga. "Inu a kumudzi! Mukachoka ku chimbudzi musamathamangire mbale ngati nkhuku!"

Akomiti anaseka. Mayi uja sanaseke.

"Ba mudala, aba bazatamba vidiyo iyi ni bazimai bali pa benchi na bana bodwala. Osabakalipila. Kambani monga muli nao pafupi."

Ndinayesanso katatu. Akuti ndimamvekabe ngati ndikuitana anthu okakumba manda.

Pamenepo analowa mnansi wanga wosoka nsapato, kudzapereka nsapato ya anamwino. Munthu ameneyu wakhala zaka zonse ataluma timisomali pakamwa, n'chifukwa chake amayankhula ngati mawu akugula. Anamupatsa pepala, mwina pofuna kungondichotsa ine. Iye osakweza ngakhale mutu: "Tikitani zikhatho. Kuseri kwa manja. Pakati pa zala. Zala zazikulu. M'zikhadabo. Musafulumire, masekondi makumi awiri akwane. Tsukuluzani, sansani manja aume okha."

Mayi wa magalasi anagwira pamtima ngati wamva kwaya.

Kunyumba mkazi wanga anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndadya mandimu. Sabata yonse nsapato yanga inayenda chidendene chili pululu, koma kwa mnansiyo sindinapite nayo.

Kenaka mayi uja anandiitanitsa. "Ba mudala, ba neba banu bazamveka chabe mau. Imwe tifuna nkhope." Mtima unabwerera m'malo. Pepala anandipatsa ndithu, koma ndani amawerenga pepala atauzidwa za nkhope? Ndinasita jekete la ku tchalitchi.

Anatikhazika pamphasa kuseri kwa kiliniki, anthu asanu, beseni limodzi la madzi pakati. Anati wamkulu pa tonsefe ayambe, monga timachitira kwathu. Ndinasamba mwaulemu wake, pang'onopang'ono, n'kukankhira beseni kwa wotsatira, mpaka linafika kwa mayi wobereka mwana kumapeto, madzi ali bii. Ndinamwetulira kamera. Ndinapemphanso kuti tibwereze, mbali yanga yabwino ndi ya kumanzere.

Tsiku loonetsa akomiti ndinakhala kutsogolo. Ndinatulukadi, jekete likuwala. Chithunzi chinaima ine ndili chimwetulire, ndipo pa ine panagwa mtanda wofiira, kuchokera paphewa mpaka m'beseni. Mawu a wosoka nsapato anabwera ofatsa ngati akutonthoza khanda: "Tikasambira m'beseni limodzi, womaliza amasamba litsiro la onse. Tizithirirana madzi ndi jagi, madziwo azigwera pansi kapena m'beseni lopanda kanthu."

Zotsatira zake zinali manja chabe, a mayi womaliza uja, pansi pa kachigubu koboola komangirira pamtengo, phazi likuponda kamtengo kuti madzi atsike. Mawu aja anatchula nthawi zosamba: tisanadye, tisanaphike, tisanadyetse mwana, tikachoka ku chimbudzi, tikasintha mwana thewera. M'vidiyo yonseyo nkhope ya mwamuna yooneka bwinobwino inali imodzi, yanga.

"Mwaoneka bwino, ba neba," anatero mnansi wanga. Choipa chake, ankanena zoona zake.

Mvula isanagwe mlongo wanga anaimba. Anapitadi ku kiliniki, atatenga azimayi a mumpingo monga ndinamuuzira.

"Alongo, takuonani! Munati tidzakumvani, koma simunayankhule. Ana kuno akaona beseni akumati ndi la amalume a ku Lusaka. Ine ndinagula jagi, ndipo mukabwera tidzakuthirirani, musadzakwiye." Kenaka anatsitsa mawu. "Nanga abambo oyankhulawo ndani? Mawu ngati amenewo! Ali pabanja?"

Ndinati netiweki yavuta.

Masiku ano mkazi wanga amandithirira madzi pakhonde, sopo ali pa kambale. Mpanda wathu ndi waufupi. Ndikati ndifulumire, kuseri kumamveka kanyundo kakuleka kugogoda, kenaka mawu aja, osakwera, osatsika: "Pakati pa zala, ba neba."

Ndimatikita, nanga ndichitenji. Koma nsapato ndimakasoketsa kutali, ku Chawama.