Tchuthi cha a Pang'ono

Kuntchito ankawatchula kuti a Pang'ono, chifukwa ukawafunsa za ntchito iliyonse yankho linali lomwelo: chatsala pang'ono. Anali olemba mapulogalamu pakampani ina yaing'ono yomwe inapanga pulogalamu yosungitsira malo kwa dokotala pafoni. Ankakhala pakona, pafupi ndi makina osindikizira, tiyi wawo nthawi zonse atazizira m'kapu. Sanali aulesi ayi. Vuto linali loti ntchito yonse ankaisunga m'mutu, ndipo patchuthi sankapitako.

Kenako bambo awo anafunika opaleshoni ya ng'ala. Alongo awo anakana kwamtuwagalu kuti ulendo uno sanyamula okha odwala, iwowo ali ndi ana akhanda. A Pang'ono anapempha tchuthi. Abwana anavomera, koma anati asananyamuke alembe ntchito zonse zosatha, pomwe iliyonse yafika, ndi choti chichitike kenako. Wozilandira anali mayi wina wolemba mapulogalamu wa desiki loyandikana ndi lawo, yemwe onse ankangoti achemwali.

A Pang'ono analemba msanga n'kutumiza pa imelo. Achemwali anawerenga, n'kukokera mpando pafupi.

"Achimwene, paliponse mwalemba kuti chatsala pang'ono. Pang'ono pake ndi pati?"

Anayamba ndi ntchito ya uthenga wokumbutsa odwala tsiku lawo. A Pang'ono anafotokoza kuti khodi yake, malangizo omwe kompyuta imatsatira, inatha kalekale, ili panthambi yake yapadera, kutanthauza kope lapambali la pulogalamuyo, ikungodikira achemwali aiunike isanaphatikizidwe ndi pulogalamu yaikulu. Achemwali anadabwa, poti pempho loti aunike sanaliwonepo. Atafufuza anapeza kuti a Pang'ono anailembadi, koma sanaikankhire ku seva, kompyuta yaikulu momwe onse amasungamo khodi. Inali m'laputopu mwawo mokha, laputopu yomwe ankafuna kuitsekera m'kabati. Mwezi wonse iwo ankadikira achemwali, achemwali ankadikira iwo, atakhala moyandikana.

Yachiwiri inali ya lipoti la pamwezi lomwe linkachedwa kutuluka. Apa a Pang'ono analankhula molimba mtima kuti gwero la vutolo analipeza, ndipo pa seva yoyesererapo lipotilo likuthamanga bwino, chatsala n'kulipititsa pa seva yeniyeni. Abwana, omwe ankadutsa ndi mapepala, anaima. Anati kodi si lipoti lomwe chipatala chomwe chinaliitanitsa chinanena kuti sichikulifunanso? A Pang'ono anati sanamvepo. Abwana anati ananena pamsonkhano. Achemwali anakumbukira kuti tsiku limenelo a Pang'ono anali pafoni ndi kasitomala. Onse atatu anayang'anizana. Mapeto ake analemba kuti ntchitoyo yaimitsidwa, abwana afunsenso kuchipatalako.

Yachitatu a Pang'ono anali asanailembe n'komwe. Inangotulukira achemwali atafunsa ngati pali china chomwe amachita okha popanda wowatuma. Satifiketi ya chitetezo ya webusaiti inkatha mphamvu mkati mwa tchuthi chomwecho, ndipo a Pang'ono ndiwo ankaikonzanso pamanja. Ikanatha, aliyense wotsegula webusaitiyo akanalandira chenjezo loti malowo ndi osadalirika. Chilolezo cholowera pa sevayo anali nacho iwo okha. Anawatsegulira achemwali akaunti yawoyawo, n'kulemba ndondomeko yake mzere ndi mzere, achemwali akuyesa.

Inatsala imodzi, nthambi yotchedwa "kukonza-kwatsopano-2". A Pang'ono anaitsegula, anaiyang'ana, anakanda m'mutu. Khodiyo inali yawo ndithu, koma chomwe ankakonza sichinkabwera. Nthawi inali itatha, alongo awo akuimba foni. Pamalo pa chochita kenako anangolemba kuti: mundifunse.

Achemwali anafunsadi. Foni inalira a Pang'ono ali pabenchi m'khonde la chipatala, atanyamula jekete ndi ndodo ya bambo awo.

"Pepani achimwene, ndikudziwa muli ndi odwala. Paja munati ndikufunseni."

"Ndinatero?"

"Mwalemba nokha."

A Pang'ono anafunsa ngati satifiketi ija inatheka, anamva kuti inatheka. Uthenga wokumbutsa odwala nawo unali utaunikidwa, achemwali anapezamo cholakwika chimodzi pa madeti, anakonza, tsopano ukugwira. Za nthambi ija a Pang'ono anati mwina inali ya vuto la mayina obwerezabwereza, kapena mwina ya chinenero. Achemwali anati ndiye saikhudza. Namwino anatulukira akukankha bambo aja panjinga ya odwala, diso limodzi lili ndi bandeji, mkuluyo akufunsa kuti akulankhula ndi ndani nkhope ili chonchi. A Pang'ono anayankha kuti ndi zakuntchito, n'kuthimitsa foni.

Atabwerera kuntchito anakhala m'mawa wonse akuwerenga nthambiyo. Chakumasana anazindikira kuti vuto lomwe inkakonza analikonza kale iwo eni panthambi ina, miyezi ingapo yapitayo. Anawafunsa achemwali ngati angaifufute. Achemwali anati afufute, koma ayambe alemba chifukwa chake penapake pomwe munthu wina angawerenge.