Wayilesi ya ku Joni

Justus Mhango anali ndi kakhumbi ka malata kuseri kwa msika wa pa Boma la Mzimba. Ntchito anaiphunzirira ku Kitwe, m'sitolo ya Mgiriki wina, ndipo atabwerera kwawo ufulu utangobwera, aliyense wokhala ndi chinthu cholira kapena cholemba ankathera kwa iye.

Msinkhu wa chinthu ankaudziwa asanachitsegule. Taipi yakuda, yayitali, ya mabatani ozungulira okutidwa ndi galasi, ankati inabadwa nkhondo ya Ajeremani yachiwiri isanathe; ya mabatani apulasitiki inali mwana wa dzana. Galamafoni ankaipukusa n'kutchera khutu. Ikamagunda m'kati kuti gu! mbale ili kuzungulira, ankadziwa kuti girizi wauma pa sipuling'i, nthenda yochizika. Chogwirira chikamangozungulira osalimba, ndiye kuti sipuling'iyo yaduka.

Sanakwatire. Ali mnyamata anafunsira Dyness, NyaJere wa ku Manyamula, koma pochokera ku Kitwe anampeza ali pa banja ndi Cosmas Zimba. Cosmasyo anapita ku Joni mwana wawo akukwawa, n'kutchona.

Tsiku lina m'chaka cha 1976, nthawi ya fumbi, NyaJere anatulukira pa kakhumbi kaja atasenza katundu wokulunga m'bulangete.

"Monire, a Mhango. Ndapota, mundionereko ichi. Wabwera nacho munthu wochokera ku Joni. Akuti a Zimba andigulira wayilesi yatsopano, akuti zinthu zikuwayendera, abwera posachedwa. Koma poika mabatire sindikupaona."

Inali wayilesi yolemera, ya bokosi lofiirira. Justus anaitembenuza, namasula chivindikiro chakumbuyo. M'katimo munali timababu tagalasi, totchedwa mavavu, titakutidwa ndi fumbi la zaka. Anayang'ana galasi la masiteshoni: FM panalibe, pomwe mawayilesi a ku Joni anali atakhala nayo kalekale.

"Mama, iyi si yatsopano," anatero motsitsa mawu. "Inapangidwa m'ma 1950, ife tikadali anyamata. Za masiku ano n'zopepuka, za mathiranzisita. Iyi imadya magetsi, mabatire ayi."

"Mbwenu kwathu singalire?"

"Singalire."

"Nanga kuigulitsa?"

"Wogula ndani? Mwina wofuna mavavuwa. Singakugulireni ngakhale mbuzi."

NyaJere anakhala pa benchi, manja pamiyendo. "Ndiye kuti andinamiza. Atola chotayidwa kuti anditseke pakamwa."

Justus akanatha kusiyira pomwepo, ndipo mtima wake unkafuna zimenezo. Koma chala chake chinali chitakhudza kale kanthu pa galasi lija. Chakumapeto, pa mamita 90, panali kamzere kokandidwa ndi msomali, ndipo muvi wosonyeza siteshoni unaima pomwepo. Batani losinthira mafunde linali pa mafunde aafupi, litachita kuuma moti silinkafuna kusuntha. Lokwezera mawu lokha ndilo linali losalala ndi zala.

"Bwerani muone," anatero. "Apa ndi pamene pamamvekera wayilesi ya kuno kwathu, ya ku Blantyre. Mwiniwake sankasaka kwina. Ankangoyatsa ndi kuzimitsa, zaka zambiri. Sindikhulupirira kuti anaitola. Iyi ndi yawo, ya m'chipinda mwawo."

"Ankamvera chiyani? Chitumbuka anachichotsa kale pa wayilesi."

"Kaya. Mwina mauthenga a maliro. Mwina kungomva wina akutchula Mzimba."

Chakumadzulo, nthawi imene siteshoniyo imagwira bwino, ananyamula wayilesiyo onse awiri kupita kwa mnzake wa Justus, wowotcherera zitsulo, amene anali ndi jenereta. Atayatsa, panadutsa kanthawi kuli zii. Kenaka mavavu anayamba kufiira, kunamveka kung'ung'uza kosonyeza kuti makondensa, tizida tosunga magetsi m'katimo, atopa, ndipo pansi pa phokosolo panatuluka mawu a mwamuna akuwerenga nkhani m'Chichewa. Justus sanakhudze muvi uja.

NyaJere anamvetsera ataweramitsa mutu.

"Munthu akatumiza wayilesi yake yokhayo," anafunsa, "ndiye kuti akubwera, kapena wasiya kumvera?"

"Zimenezo chitsulo sichinena, mama."

"Yewo chomene, a Mhango."

NyaJere anagona kwa mlongo wake pa Boma, m'mawa n'kusenza katundu wake kubwerera ku Manyamula. Wayilesiyo anaiika pa tebulo, naifunditsa nsalu yoluka. Cosmas sanabwere chaka chimenecho, ngakhale chotsatira.

Justus anasintha makondensa a mawayilesi ambiri pambuyo pake, mpaka maso anayamba kuchita nkhungu. Basi ya ku Manyamula ikafika, ankaika sikuludiraiva pansi n'kuima pakhomo, kuona otsika. Nthawi zina NyaJere ankatsika, kudzagula mchere ndi palafini. Ankapatsana moni, kufunsana za mvula ndi za mwana, amene tsopano ankacheka matabwa ku Chikangawa. Kenaka mayiyo ankalowa mumsika.